Ndime Imene Inatsikira pa Jenda

Kale ndime yoyamba ya nkhani ya mtsikana wina wa Fomu 3 inali ngati nyumba yopanda denga. Anandibweretsera kope lake kuno ku Boma la Mzimba, lopindika m'makona, ndipo inkati:

"Kalekale kunali mayi wina pamudzi wina. Mayiyu anali ndi mavuto ambiri. Tsiku lina kunachitika zomvetsa chisoni."

Tangoganizani! Mudzi wopanda dzina, mayi wopanda nkhope, tsiku lopanda dzuwa kapena mvula. Mawu oti "kalekale" ankatiuza kuti tikhale pamoto timve nthano ya Kalulu, chonsecho nkhaniyo inali ya mnyamata amene anapita ku Joni osabwerako wamoyo. Chisoni anachitchula dzina, koma wowerenga sanachimve m'mimba.

Ndinamufunsa mafunso atatu okha: mayiyu waima pati, ndi mwezi wanji, ndipo m'manja wanyamula chiyani? Anafufuta, analembanso, mpaka pepala linabooka. Ulendo wachitatu anapyola muyeso: anaikamo kadzidzi wolira padenga, nawonjezera kuti mayiyo sankadziwa kuti mwana wake wamwalira. Kumeneko si kulosera ayi, ndi kulengeza maliro mwini nkhani asanafike.

Ndiye Lolemba lina anabwera akumwetulira, nawerenga:

"Chifunga cha mu Juni chinali chisanachoke pa Jenda pamene basi ya ku Joni inaima. Mayi anadzipanikiza pakati pa ogulitsa tomato, atakulunga m'dzanja chingwe cha ng'ombe yawo yomaliza. Anthu anatsika onse. Kenaka kondakitala anakweza m'mwamba chikwama chofiira, nafunsa mwini wake."

Kalasi yonse inangoti zii.

Lero ndimeyi ili ndi pansi popondapo. Dzina limodzi lokha la Jenda labweretsa msewu wa M1, malire a Zambia chapafupi, ndi phokoso la malonda. Juni wabweretsa mphepo yozizira imene aliyense wa ku Mzimba amaidziwa m'mafupa. Mawu oti chisoni achokamo, koma chisonicho chalowa m'kayendedwe ka ziganizo: ziwiri zazitali, kenaka chachifupi chija, "Anthu anatsika onse," chimene chimadula mpweya.

Koma chimene chimandisangalatsa koposa ndi chingwe. Kuno khola ndiye chuma, ng'ombe ndiye malowolo, choncho chingwe chopanda ng'ombe chatiuza kale kuti banja linagulitsa zonse kuti mwana apeze ya ulendo. Chikwama chopanda mwini chikubwereza chithunzi chomwecho: chinthu chafika, chamoyo palibe. Wowerenga akukayikira, koma sanauzidwe. Imfa ija imatchulidwa patsamba lachinayi, ndipo pofika pamenepo munthu amabwerera kundime yoyamba n'kupeza kuti inali pomwepo.

Mnyamata wina wa ku Embangweni anakweza dzanja, nafunsa mwankhawa ngati mayiyo analandira chikwamacho. Mtsikanayo anatseka kope lake, nati adikire tsamba lachiwiri.