Pamene 6 Wasanduka 8: Kuchonga Mayina ndi Manambala pa Tsamba Losikana

Mlembi wa kopaletivi akafuna kulowetsa mndandanda wa alimi mu kompyuta, masiku ano salembanso chilembo chimodzichimodzi ayi. Amangoika pepala pa sikana, kapena kulijambula ndi foni, ndipo pulogalamu imasandutsa chithunzicho kukhala mawu oti munthu n'kuwakopera. Pa kompyuta ntchito imeneyi imalembedwa kuti OCR. Imathandiza kwambiri, koma pulogalamuyo simva zimene ikuwerenga. Imangoyang'ana maonekedwe a timadontho ta inki n'kuyerekeza chilembo chomwe chikufanana nato, ndipo ikaphonya sichita manyazi. Imalemba cholakwikacho mooneka bwino ngati cholondola.

Zolakwikazi zilipo za mitundu iwiri, ndipo zoopsa si zimene zimaoneka zonyansa. Dzina la Mwale likatuluka ngati `Mwalc`, aliyense amaona kuti pavuta. Kamanga akatuluka ngati `Karnanga`, chifukwa m wagawika n'kukhala r ndi n, munthu amaseka n'kukonza. Vuto lenileni limabwera pamene cholakwikacho chabala mawu enieni. Anthu a Distributed Proofreaders, gulu lodzipereka lomwe lakhala likukonza mabuku osikana a Project Gutenberg kuyambira m'chaka cha 2000, amazidziwa bwino zolakwika zobisalazi: `and` amasanduka `arid`, `he` amasanduka `be`, `modern` amasanduka `modem`. Onsewa ndi mawu a Chingerezi opezeka m'dikishonale, choncho pulogalamu yoyang'ana kalembedwe siwadula mzere wofiira.

M'chiganizo, wowerenga amapulumuka chifukwa mawu oyandikana nawo amamuuza kuti apa sizikumveka. Dzina ndi nambala alibe anzawo owaikira umboni. Chisale akasanduka Chisala, pepala silisonyeza chilichonse, popeza onse ndi mayina enieni a anthu. Makilogalamu 360 akasanduka 380, nambalayo imaonekabe yabwinobwino, ndipo munthu amalipidwa ndalama zomwe si zake.

Mayina a kwathu amavutika koposa. Mapulogalamu ambiri a OCR amathandizidwa ndi mndandanda wa mawu a chilankhulo chomwe auzidwa kuti awerenge. Akakayika pakati pa zilembo ziwiri, amakondera chimene chikupanga mawu odziwika kwa iwo. Tsamba la Chichewa likawerengedwa ngati la Chingerezi, thandizo limeneli limasanduka chopinga, chifukwa pulogalamu imakokera mawu athu ku mawu a eni ake. Kachizindikiro ka pamwamba pa ŵ m'dzina la Malaŵi kamatha kusowa kapena kusanduka chinthu china, ndipo kankhodolero wa mu ng'ombe ndi m'mudzi amatha kutengedwa ngati kachitsotso ka papepala. Mapepala akale olembedwa pa makina a taipi ali ndi nkhani yawonso. Makina ambiri akale analibe batani la 1, moti wotaipa ankamenya l wamng'ono m'malo mwake. Pamenepo pulogalamu ikalemba `l958`, yawerenga molondola zimene zili papepala, koma kompyuta siingaione ngati nambala.

Njira yabwino ndi kuchonga kaye, kukonza pambuyo. Munthu amene amakonza pomwepo akangoona chokayikitsa amakhala akulemba zimene akuganiza, ndipo mawa palibe amene angasiyanitse zimene zinali papepala ndi zimene anangolota. Wochonga amasiya mawuwo mmene atulukira, n'kuika chizindikiro pambali pake, monga `380[?]` kapena `Chisala[?Chisale]`. Akamaliza tsamba lonse m'pamene amabwerera ku chithunzi, kuchikulitsa, n'kuyang'ana malo ochongedwawo limodzilimodzi. Pomwe chithunzi chayankha, amakonza n'kuchotsa chizindikiro. Pomwe inki inafufutika kapena chidindo chinagwera pa nambala, chizindikirocho chimakhala pomwepo mpaka umboni wina utapezeka.

Tiyerekeze tsamba la kopaletivi yogula soya, lomwe lili ndi alimi asanu, mtengo wake K800 pa kilogalamu. Pulogalamu yawerenga makilogalamu motere: 150, 380, 275, `4l0` ndi 95, ndipo pansi yawerenga kuti onse pamodzi ndi 1,290.

Choyamba kugwidwa ndi `4l0`. Mu Excel, nambala yeniyeni imakhala kudzanja lamanja la kabokosi, pamene mawu amakhala kumanzere, choncho iyi imaonekera yokha. Komanso `SUM` imadumpha kabokosi kamene muli mawu popanda kudandaula, ndiye chiwerengero chingatuluke 900, kutali kwambiri ndi 1,290. Mlembi amachonga, amayang'ana chithunzi, n'kupeza kuti ndi 410. Ili ndi vuto laling'ono.

Akaphatikizanso, akupeza 1,310. Pepala likuti 1,290. Kusiyana kwake ndi 20, ndipo kusiyanaku kukulankhula: ngati cholakwika ndi chimodzi, chili pa malo a makumi, ndipo nambala yowerengedwayo yaposa yeniyeni ndi 2. Ndiye kuti 150 akhoza kukhala 130, 380 akhoza kukhala 360, 275 akhoza kukhala 255, kapena 95 akhoza kukhala 75. Mlembi amachonga anayi onsewa, ngakhale mtima wake wathamangira kale kwa 8, popeza 6 yemwe inki yatsekera kumtunda kwake amafanana kwambiri ndi 8. Kenako amapita ku mzere wa ndalama. Mlimi woyamba analandira K120,000, zomwe zikugwirizana ndi makilogalamu 150. Wachiwiri analandira K288,000, ndipo ukagawa ndi 800 umapeza 360. Akanakhala 380, ndalamazo zikanakhala K304,000. Mboni ziwiri zagwirizana, chiwerengero cha pansi ndi mzere wa ndalama, ndipo chithunzi chikakulitsidwa chimangotsimikiza. Kuphonya kwa nambala imodziyo kukanasuntha K16,000.

Masamu oterewa ali ndi malire ake. Zolakwika ziwiri zikhoza kufafanizana: wina akawonjezeredwa 20 ndipo wina n'kuchotseredwa 20, chiwerengero cha pansi chimagwirizana bwinobwino pamene alimi awiri alakwiridwa. Nthawi zinanso amene analakwitsa ndi wotaipa woyamba uja, osati pulogalamu. Zikatero, cholembedwa papepala chimasungidwa mmene chiliri, ndipo pambali pamalembedwa kuti masamu a papepala sakugwirizana. Nanga nambala za foni, za akaunti ndi za chiphaso cha unzika? Izi sizimaphatikizidwa, kotero palibe chiwerengero chozitsimikiza. Apa pamafunika anthu awiri, wina kuwerenga mokweza kuchokera papepala, wina kutsatira pa kompyuta. Chiphaso cha unzika cha ku Malawi chimasakaniza zilembo ndi manambala, ndiye O ndi 0, S ndi 5, B ndi 8 onse ayenera kuchongedwa ngakhale akuoneka bwino.

Pulogalamu yokha ikhoza kuthandiza kuloza pomwe yakayika. Tesseract, yomwe inayambira ku kampani ya Hewlett-Packard m'zaka za m'ma 1980 n'kutsegulidwa kuti aliyense aigwiritse ntchito mu 2005, imatha kupereka malikisi pa mawu aliwonse omwe yawerenga:

```
tesseract tsamba.png tsamba -l eng tsv
```

Fayilo yotulukayo ili ndi mzere wotchedwa `conf`, momwe mawu aliwonse apatsidwa nambala yosapitirira 100. Mawu a malikisi otsika ndi oyenera kuyamba nawo. Koma malikisi okwera si umboni wakuti dzinalo ndi lolondola. Amangosonyeza kuti pulogalamu yakhutira ndi maonekedwe a zilembo, ndipo 6 wotsekeka uja akhoza kuikhutiritsa kwambiri kuti ndi 8. N'chifukwa chake pa tsamba la malipiro dzina lililonse ndi nambala iliyonse zimayang'anidwa, pamene malikisi amangosankha poyambira. Kusikana pa 300 dpi, pepala litawongoledwa bwino, kumachepetsa ntchitoyi. Chithunzi cha foni chomwe chadutsa pa WhatsApp chimafika chitapanidwa, ndipo tizilembo tating'ono timakhala titasungunuka kale.

Mayina amafuna mboni yochokera kunja kwa tsamba: kaundula wa mamembala, risiti, kapena mwini dzinalo. Pano pali msampha wina, wa munthu wodziwa kwambiri. Wofufuza mbiri akamawerenga zikalata za nthawi ya Nyasaland, monga zosungidwa ku National Archives ku Zomba, amakumana ndi Mlanje, Cholo, Ncheu ndi Kota Kota. Izi si zolakwika za pulogalamu. Umu ndi mmene atsamunda ankalembera Mulanje, Thyolo, Ntcheu ndi Nkhotakota, ndipo wozikonza wawononga umboni. Chimodzimodzi Kalua ndi Kaluwa: banja lililonse lili ndi kalembedwe kake, ndipo chofunika ndi chimene chili papepala. Ndalama za m'mapepala amenewo nazonso zili ndi masamu ake, chifukwa kwacha isanabwere mu 1971, mapeni 12 ankapanga shileni ndipo mashileni 20 ankapanga paundi. Wophatikiza mwa makumi adzaona ngati mzere uliwonse ndi wolakwika. Komabe lamulo lomweli limagwira zolakwika: pa malo a mapeni pakaoneka 17, mwina ndi 11 wowerengedwa molakwika.

Zonsezi zikudalira kuti chithunzi chikunena zoona, ndipo nthawi zina sichitero. Mu 2013, katswiri wa makompyuta wa ku Germany, David Kriesel, anaulula kuti makina ena a Xerox WorkCentre ankasintha manambala pa chithunzi chenichenicho, OCR isanakhudzidwe n'komwe. Pa pulani ya nyumba, zipinda zitatu zosiyana kukula zinatuluka zitalembedwa nambala imodzimodzi, 14.13, ndipo pa mapepala ena 6 ankasanduka 8. Gwero lake linali njira yochepetsera kukula kwa fayilo yotchedwa JBIG2. Njirayi ikaona tizidutswa tiwiri ta chithunzi tofanana, imasunga kamodzi n'kukamata paliponse pomwe yaona kuti n'koyenera. Pa manambala ang'onoang'ono inkasokoneza ofanana pang'ono ndi ofanana ndendende, ndipo nambala yomatidwayo inkaoneka yoyera, yopanda chokayikitsa chilichonse. Poyamba kampaniyo inati vutoli limachitika pokhapokha munthu akasintha machunidwe a makinawo, koma pambuyo pake inavomereza kuti limatha kuchitika ngakhale pa machunidwe a kufakitale, ndipo inatulutsa pulogalamu yolikonza. Maofesi omwe anali atasikana zikalata zawo n'kutaya mapepala analibe poyerekezera manambala awo, popeza pulogalamu yatsopanoyo inkateteza zosikana m'tsogolo zokha, osati mafayilo omwe anali atasungidwa kale.