Kalata yosamutsa wantchito: tsiku, chifukwa ndi ndalama za ulendo

Kalata ya transifa nthawi zambiri siposa tsamba limodzi, koma imazula banja lonse. Ndi chifukwa chake ndimadandaula ndikaona mabwana akuilemba mothamanga, wantchito nayenso n'kusayina asanafunse kalikonse.

Tiyerekeze mayi wina, wolandira ndalama pa sitolo yapikulitsa ku Lilongwe. Pa 3 Malichi walandira kalata yoti pa 17 Malichi akayambe ntchito kunthambi ya ku Mzuzu. Kalatayo yangoti akumusamutsa "malinga ndi zofuna za kampani", ndipo adzapatsidwa alawansi yosamukira yofanana ndi malipiro ake a mwezi umodzi, K400,000. Poyiwerenga koyamba ikuoneka yabwinobwino. Vuto lili pa zimene sinanene.

Sinanene tsiku limene ndalamazo zidzatuluke. Makampani ambiri amaphatikiza alawansi yotere ndi malipiro a kumapeto kwa mwezi, kutanthauza kuti mayiyu adzailandira patapita pafupifupi masabata awiri ali kale ku Mzuzu. Komatu ndalama zimafunika asananyamuke. Eni nyumba ambiri m'matauni mwathu muno amafuna lendi ya miyezi itatu munthu asanalowe. Akapeza nyumba ya K150,000 pamwezi ku Luwinga kapena ku Chibavi, ndiye kuti K450,000 iyenera kukhala m'manja, ndipo apa alawansi yaperewera kale ndi K50,000. Nyumba ya ku Lilongwe nayonso sangangoitseka n'kumapita. Eni ake amayembekezera notisi ya mwezi wathunthu, choncho adzalipira lendi ya masiku amene sadzagonamo. Ndipo ngati alawansiyo idzadulidwe msonkho pamodzi ndi malipiro, yofika m'thumba idzakhala yochepera pa K400,000 yolembedwayo.

Lole sitinaiwerengere n'komwe. Kuchoka ku Lilongwe kukafika ku Mzuzu ndi ulendo wa makilomita pafupifupi 350 pamsewu wa M1, kudutsa ku Kasungu, ku Jenda ndi m'nkhalango ya Chikangawa, ndipo mu Malichi mvula imakhala isanathe. Mipando ndi matiresi pa lole yopanda tenti zimafika zitanyowa. Kalata yolembedwa bwino imasiyanitsa ndalama izi: imanena ngati kampani itumiza galimoto yake kapena ibweza ndalama munthu akaonetsa malisiti, imanena kuti akagona masiku angati kuloji pa bilu ya kampani akufunafuna nyumba, kenako imatchula alawansi payokha, ndi tsiku lake. Kwa ine tsiku limeneli liyenera kukhala sabata imodzi kapena kuposerapo munthu asananyamuke. Likapanda kulembedwa, wantchito amathera kwa akatapila.

Pa nkhani ya nthawi, masabata awiri ndi ochepa kwa munthu wabanja. Chaka cha sukulu kuno chimayamba mu Seputembala, ndipo pofika Malichi mwana wa Sitandade 8 amakhala atalembetsa kale mayeso pasukulu yake, kwangotsala miyezi yochepa kuti alembe. Kumuchotsa panthawiyi n'kumusokoneza. Mayiyu ali ndi chifukwa chomveka chopemphera chimodzi mwa ziwiri: tsiku lisunthidwe, kapena iye atsogole yekha banja lidzamutsatire mayeso akatha, kampani n'kuvomera kuti lole idzabwere nthawi imeneyo. Pempholi alilembe m'kalata, tsiku loyambira lisanafike, ndipo asunge kope. Zogwirizana pakamwa mu ofesi ya bwana zimaiwalika bwanayo akachoka.

Nanga chifukwa? Mawu akuti "zofuna za kampani" sauza munthu kanthu. Ngati ku Mzuzu wolandira ndalama wapuma pantchito, kapena nthambi yakula, kalata inene choncho, itchulenso udindo umene akukaugwira, bwana amene azikamuyang'anira, komanso kuti malipiro ndi zaka zimene wagwira ntchito sizikusintha. Munthu wouzidwa chifukwa amapita ndi mtima umodzi. Wosauzidwa amayamba kuganiza kuti akumuthamangitsa, ndipo nthawi zina amakhala akulondola. Chizindikiro chake chimakhala transifa yobwera patangopita masiku munthu atadandaula za bwana, yopanda ndalama yosamukira, udindo nawo utatsika mwakachetechete. Lamulo la za ntchito la chaka cha 2000, pagawo 60, limalola wantchito kusiya ntchito n'kuonedwa ngati wachotsedwa, pamene zochita za bwana zafika poti sizomveka kuti apitirize. Koma umboni wake ayenera kuupereka ndi iyeyo, kukhoti loona za ntchito, ndipo si wapafupi.

Choncho mayiyu asafulumire kukana. Ayambe watsegula kontirakiti yake. Ngati muli mawu oti angathe kutumizidwa kunthambi iliyonse, kungokhala kunyumba pa 17 Malichi kudzaonedwa ngati kujomba kapena kusamvera, ndipo kungamuchotsetse ntchito. Asayine kuti kalata wailandira, alembe tsiku pambali pa sayini yake, kenako apereke pempho lake. Akapanda kuyankhidwa, apite nazo zonse ziwiri kwa a bungwe la antchito ngati lilipo, kapena ku ofesi ya leba ya m'boma lake.