Ola lili ndi mphindi 60, kakyuleta imawerenga 100

Sabata ikatha, m'masitolo, m'magalaja ndi m'malo omanga nyumba, kalaliki amatenga pepala lolembapo maola a antchito n'kuyamba kudina kakyuleta. Amalemba 8.45, kuphatikiza 9.30, kuphatikiza 8.50, mpaka mzere wonse kutha. Nambala imene yatuluka amailemba pansi n'kusayina, wantchitonso amasayina. Palibe amene waba, koma munthu amapita kwawo ndi malipiro operewera, ndipo onse awiri sadziwa pamene nthawi inayo yalowera.

Kakyuleta wamba imawerenga ngati mmene timawerengera ndalama, kuti matambala 100 ndiwo amapanga kwacha imodzi. Ola lilibe magawo 100, lili ndi mphindi 60, kawerengedwe kamene tinatengera kwa anthu a ku Babulo wakale. Choncho mukalemba 8.45, makinawo amamva kuti ndi maola 8 ndi magawo 45 mwa 100 a ola, zimene ndi mphindi 27 zokha, pamene inu mumatanthauza mphindi 45.

Tiyeni titenge pepala la mayi wina wogulitsa m'sitolo, nthawi ya nkhomaliro itachotsedwa kale. Lolemba anagwira maola 8 ndi mphindi 45, Lachiwiri 9 ndi mphindi 30, Lachitatu 8 ndi mphindi 50, Lachinayi 9 ndi mphindi 15, Lachisanu 8 ndi mphindi 40, ndipo Loweruka anaweruka masana atagwira maola 5 ndi mphindi 55.

Njira yolondola ndi kusiyanitsa mizere iwiri, maola paokha, mphindi pazokha. Maola a masiku asanu ndi limodziwa akaphatikizidwa akukwana 47. Mphindi, kuyambira 45 za Lolemba mpaka 55 za Loweruka, zikukwana 235. Tsopano funsani kuti mu 235 muli ma 60 angati. Atatu akupanga 180, ndipo kuchotsa 180 pa 235 kukutsala 55. Maola atatu aja apite ku mzere wa maola, 47 akhale 50. Mayiyu anagwira maola 50 ndi mphindi 55.

Kalaliki wa kakyuleta uja, pa pepala lomweli, apeza 49.35 ndipo alemba kuti ndi maola 49 ndi mphindi 35. Ola limodzi ndi mphindi 20 zasowa. Kumene zapita n'kosavuta kukuloza. Makinawo amadikira kuti mphindi zifike 100 kenako n'kupereka ola limodzi, pamene ola linali litakwana kale pa 60. Nthawi iliyonse imene achita zimenezi, mphindi 40 zimatayika. Pa 235 achita kawiri, ndiye mphindi 80.

Chimene chimandivutitsa maganizo n'chakuti cholakwa chimenechi, pophatikiza, chimapendekera mbali imodzi yokha. Mphindi ikawerengedwa ngati gawo limodzi mwa 100 m'malo mwa gawo limodzi mwa 60, imachepa mphamvu nthawi zonse, ndiye wolipidwa ndiye amaluza. Sizingatheke kuti sabata ino aluze, sabata yamawa abwezeredwe ndi cholakwa chomwecho. Ndipo maola amene amadulidwawo ndi a pamwamba, amene kawirikawiri amakhala a ovataimu. Lamulo la ntchito la ku Malawi la chaka cha 2000 limaika maola a ntchito pa sabata kuti asapitirire 48, ndipo ovataimu ya tsiku wamba imalipidwa kamodzi ndi theka. Ngati pamalopo amawerengera ovataimu kuyambira pa 48, mayi uja ali ndi maola 2 ndi mphindi 55, pamene pepala lolakwika likumupatsa ola limodzi ndi mphindi 35.

Ngakhale mwaphatikiza bwino, msampha wina uli pa kuchulukitsa ndi ndalama. Tinene kuti malipiro ndi K1,200 pa ola, ndipo za ovataimu tizisiye kaye pambali. Munthu wapeza bwinobwino maola 50 ndi mphindi 55, koma akulemba 50.55 n'kuchulukitsa ndi 1,200. Apeza K60,660, zomwe n'zoperewera. Chabwino ndi kupeza kaye mtengo wa mphindi imodzi: gawani 1,200 ndi 60, mupeza K20. Maola 50 ndi K60,000, mphindi 55 ndi K1,100, zonse pamodzi K61,100. Wolemba 49.35 uja akanapereka K59,220, kusiyana kwa K1,880 pa sabata imodzi. Amene akufuna nambala ya kadontho agawe mphindi ndi 60 asanazilembe kuseri kwa kadonthoko. Mphindi 15 ndi 0.25, mphindi 30 ndi 0.5, mphindi 45 ndi 0.75.

Nanga maola a tsiku limodzi amapezeka bwanji kuchokera pa nthawi yolowa ndi yoweruka? Apa ndi bwino kuwerenga chopita kutsogolo kusiyana n'kuchotsera. Mayi uja Lolemba analowa 7:40 m'mawa n'kuweruka 5:25 madzulo. Kuchoka 7:40 kufika 8:00 ndi mphindi 20, kuchoka 8:00 kufika 5:00 ndi maola 9, kenako mphindi 25 zotsalazo. Zikukwana maola 9 ndi mphindi 45, ndipo kuchotsa ola la nkhomaliro kukutsala 8:45. Pa kakyuleta, 17.25 kuchotsa 7.40 zimapereka 9.85, nambala imene palibe wotchi ingaisonyeze. Pochotsera chotere cholakwacho chikhoza kupwetekanso bwana.

Nambala ngati 9.85 ndi chizindikiro choyenera kuchisunga m'mutu. Mphindi sizipitirira 59, choncho mukaona .60 kapena kuposa, dziwani kuti mwina pepalalo lalakwika, kapena linalembedwa dala m'magawo a 100, monga amachitira makina ena odindira nthawi. Pa makina otere 8.75 ndi maola 8 ndi mphindi 45, ndipo nambala zakezo mukhoza kuziphatikiza pa kakyuleta popanda vuto. Zovuta ndi nambala ngati 8.30, imene ingakhale mphindi 30 kapena mphindi 18. Pamenepo yang'anani nthawi yolowa ndi yoweruka ya tsikulo, idzakuuzani. N'chifukwa chake ndimaona kuti pa pepala la maola kadontho kamodzi kasamaloledwe polemba nthawi. Tizilemba timadontho tiwiri, 8:30, kapena pakhale mizere iwiri yolembedwa pamutu kuti "maola" ndi "mphindi".

Ogwiritsa ntchito kompyuta alinso ndi chawo. Mu Excel, mukalemba nthawi ndi timadontho tiwiri n'kuphatikiza, pulogalamuyo imawerengera bwino, koma ikhoza kukuonetsani 2:55 m'malo mwa 50:55, chifukwa ikafika maola 24 imayambiranso ngati wotchi. Maolawo sanatayike, angobisika. Sinthani kaonekedwe ka bokosi la chiwonkhetso kakhale `[h]:mm`. Powerengera ndalama chulukitsani ndi 24, popeza Excel imasunga nthawi ngati gawo la tsiku:

```
=SUM(B2:B7)
=B8*24*1200
```

Mukaiwala 24 ameneyu, malipiro a sabata yonse amatuluka ochepa moti aliyense amaona kuti china chalakwika. Cholakwa cha kakyuleta chija n'choopsa kwambiri chifukwa 49.35 imaoneka ngati nambala yoona.

Inu amene mumalipidwa pa ola, khalani ndi kabuku kanu kolembamo nthawi yolowa ndi yoweruka tsiku lililonse. Loweruka musanasayine, phatikizani maola paokha, mphindi pazokha, mugawe mphindizo ndi 60. Zanu zikasiyana ndi za kalaliki ndi mphindi 40, 80 kapena 120, apempheni mwaulemu kuti muwerengere limodzi ndi cholembera.