Mtengo Wokoma Kuposa wa ku Limbe

Ndikudziwa mayi wina wogulitsa zitenje mu msika wa Limbe amene, ataona pa foni tsamba lodzitcha sitolo ya pikulitsa, lolonjeza zitenje pa theka la mtengo umene amapikulira kwa amwenye, anatsala pang'ono kutumiza mpamba wake wonse pa Airtel Money, pakuti eni tsambalo anamuuza kuti katundu atha dzuwa lisanalowe, ndi kuti ayambe walipira.

Chinamuutsa ndi chinthu chaching'ono. Atalemba nambala imene anampatsa, foni inaonetsa dzina la munthu wamba, osati la sitolo, monga imachitira munthu asanalembe nambala yake yachinsinsi. Ndipo iye, pokumbukira kuti fisi akafuna mbuzi sabwera akulira, anaimika dzanja. M'mawa mwake anakwera minibasi kunka ku Ginnery Corner, kumene tsambalo linati kuli nyumba yao yosungiramo katundu, nafunsa alonda ndi onyamula katundu, koma panalibe ndi mmodzi yemwe amene anamvapo dzina la sitoloyo. Ataimbira eni tsambalo kuti adzaone zitenjezo ndi maso ake, anayamba kuzemba, kenaka foni inazimitsidwa.

Ine ndimati ulendo umenewo unaposa kufufuza kwina konse, popeza zithunzi zimabedwa pa masamba a ena, ndipo chikalata cha kaundula chojambulidwa munthu aliyense angathe kuchipeka, koma nyumba yodzala mabelo siipekeka. Tsopano mayiyo salipira asanakhudze nsalu, ndipo wogulitsa watsopano amayamba naye ndi zitenje zowerengeka. Inu amalonda anzanga, nambala yotere kaiperekeni kupolisi ndi ku kampani ya foni, kuti isagwetse wina.