Mafunso ndi Mayankho: Inshuwaransi ya Matenda Aakulu ndi Inshuwaransi ya Chipatala

Ambiri a inu muli ndi ana kapena amuna amene akugwira ntchito ku Joni ndi ku Mangalande, ndipo ena muli pa ntchito m'mizinda yathu yomwe ino. Pa malipiro a anthu otere pamachotsedwa ndalama mwezi ndi mwezi, akuti za inshuwaransi. Koma tsiku la matenda likafika mpamene banja limazindikira kuti silinamvetse chimene linali kulipira. Tsono lero tiyankhe mafunso amene anthu amafunsa kawirikawiri pa nkhani imeneyi.

Funso: Ine ndili kale pa sikimu ya chipatala. Kodi inshuwaransi ya matenda aakulu si chinthu chomwecho?

Yankho: Iyayi, nzosiyana, ndipo kusiyana kwake kuli pa amene amalandira ndalama. Inshuwaransi ya chipatala, monga ija ya MASM kuno ku Malawi, imalipira bilu. Mwadwala malungo, mwathyoka mwendo, mayi wapita kukachira: dokotala alemba mtengo wa ntchito yake ndi wa mankhwala, ndipo sikimu ilipira chipatalacho, kapena ikubwezerani zimene mwawononga, mpaka pa malire amene munapangana. Kopanda bilu, palibe chimene mulandira.

Inshuwaransi ya matenda aakulu siyang'ana bilu konse. Mumapangana ndi kampani kuti mukadzapezeka ndi nthenda imodzi mwa zimene zalembedwa m'pangano, adzakupatsani ndalama zakutizakuti nthawi imodzi, m'manja mwanu. Kaya munagona m'chipatala cha boma osalipira kanthu, ndalamazo nzanu ndithu. Mungathe kulipira nazo lendi, fizi ya ana, ngongole ya nyumba, kapena mtsikana wokusamalirani. Koma malungo, chibayo ndi kuthyoka mwendo sizilipidwa kumeneko, ngakhale mutagona mwezi wathunthu.

Funso: Anayambitsa zimenezi ndani?

Yankho: Anali dokotala, osati munthu wa malonda. Dzina lake Marius Barnard wa ku South Africa, mng'ono wake wa Christiaan Barnard. Iye anali m'gulu la madokotala amene anaika mtima wa munthu wina mwa wodwala kwa nthawi yoyamba, pa chipatala cha Groote Schuur ku Cape Town mu 1967. Anaona kuti odwala ake anali kuchira, koma pobwerera kwao mphamvu zogwirira ntchito zinali zitatha, ndipo umphawi unali kuwagwetsa. Inshuwaransi ya moyo sinawathandize popeza sanafe. Motero anaumiriza makampani, ndipo mu 1983 pangano loyamba la mtundu uwu linagulitsidwa ku South Africa. Linali ndi zinthu zinayi zokha: kufa kwa mbali ya mtima mtsempha wake ukatsekeka, khansa, sitiroko, ndi opaleshoni yolambalalitsa mitsempha ya mtima yotsekeka. Lero mndandanda unatalika, ena amalemba matenda makumi angapo, komabe ndalama zambiri zimene makampani amalipira zimapita pa khansa, mtima ndi sitiroko.

Funso: Dokotala wanena kuti ndili ndi khansa. Kodi mau akewo sakwanira kuti andilipire?

Yankho: Apa mpamene pagona nkhani, ndipo ndikupemphani mutchere khutu. Chimene chimatsekula thumba la kampani si dzina la nthenda, koma tanthauzo la nthendayo monga lalembedwa m'pangano. Dokotala ndi pangano angathe kugwiritsa ntchito liu limodzi, koma pangano limaika malire ake.

Titenge khansa. Kampani imafuna umboni wa ku labotale: adule kanyama ka chotupacho, akaunike, ndipo alembe kuti nchotupa choopsa chimene chayamba kulowerera m'minofu yoyandikana nacho. Mayi akapita kukayezetsa khomo la chiberekero, nthawi zina amapeza kuti pamwamba pake pasintha, koma nthenda sinaboole kulowa mkati. Madokotala amachiza pomwepo, ndipo nchamwayi kuti zapezeka msanga. Koma mapangano ambiri salipira ndalama zonse pa zimenezi. Ena amapereka kagawo kochepa, ena ayi. Chimodzimodzi khansa zina za pakhungu zimene sizifalikira, ndi khansa ya kachiwalo ka amuna kotchedwa polositeti ikakhala yongoyamba kumene ndi yofatsa. Sikimu ya chipatala ilipira chithandizo cha zonsezi monga mwa malamulo ake, pamene inshuwaransi ya matenda aakulu ikhala chete.

Za mtima nazo. Munthu angamve chifuwa kuthina pokwera phiri chifukwa magazi sakufika bwino ku mtima. Nthendayo njeniyeni, koma mnofu wa mtima sunafe, ndipo pangano sililipira. Kuti lilipire, pamafunika umboni wakuti mbali ina ya mtima yafa: m'magazi mupezeke kuti chinthu chotchedwa tiroponini, chimene chimatuluka mnofu wa mtima ukawonongeka, chakwera kupyola muyeso wolembedwa, ndiponso pakhale zizindikiro zina, monga ululu wodziwika uja ndi kusintha kwatsopano pa pepala la makina ojambula kugunda kwa mtima. Nchifukwa chake munthu amene anapirira ululu kunyumba sabata ziwiri asanapite ku chipatala amavutika kupeza umboni, pakuti tiroponini amatsikanso masiku akapita.

Sitiroko nayo ili ndi mng'ono wake. Pakamwa papotoka, dzanja lalefuka, koma pasanathe tsiku zonse zabwerera mwakale ndipo chithunzi cha ubongo sichionetsa bala. Imeneyo ndi chenjezo loopsa lofunika dokotala msanga, koma mapangano amaichotsa pa mndandanda. Amafuna chithunzi choonetsa kuti ubongo wawonongeka, ndipo ambiri amafunanso chilema chotsalira. Ku South Africa kukula kwa chilemacho amakuyeza patapita miyezi itatu, choncho banja lisadabwe ndalama zikachedwa.

Funso: Nanga nthenda ikakwanira tanthauzo, amapereka ndalama zonse?

Yankho: Zitengera pangano limene munagula. Ku South Africa, kuyambira 2009, makampani a m'bungwe la ASISA amatsata matanthauzo ofanana a matenda anayi aja, ndipo nthenda iliyonse anaigawa m'magawo anayi a kukula kwake, A, B, C ndi D. Gawo A ndilo loopsa koposa. Kampani iyenera kuulula kuti imalipira zingati pa gawo lililonse. Ena amalipira zonse pa magawo onse, ndipo mtengo wa pamwezi umakhala wokwera. Ena amalipira pang'onopang'ono.

Tiyerekeze bambo wina woyendetsa galimoto ku Joni. Ali ndi inshuwaransi ya moyo ya marandi 500,000, ndipo pa iyo analumikiza ya matenda aakulu ya marandi 300,000. Pangano lake likuti gawo D alandira 25 pa 100 iliyonse, gawo C 50, gawo B 75, gawo A zonse. Patapita zaka zitatu apezeka ndi khansa ya m'matumbo ya siteji yachiwiri, imene igwera m'gawo C. Sikimu yake ya chipatala ilipira opaleshoni ndi mankhwala, ndalama zimene iye saziona nkomwe. Kampani ya matenda aakulu, italandira zotsatira za ku labotale ndi kalata ya dokotala wa khansa, impatsa theka la 300,000, ndiye kuti marandi 150,000. Ndi ndalama zimenezi banja lidya miyezi imene iye sakuyendetsa galimoto. Nthenda ikakula kufika siteji yachinayi, mapangano ambiri otere amapereka zotsalazo, 150,000 zina.

Koma taonani chimene wogulitsa sachedwa nacho pofotokoza. Popeza inshuwaransi ziwirizi nzolumikizana, ndalama zimene walandira zachotsedwa pa ija ya moyo. Atalandira 150,000 yoyamba, ya moyo yatsala 350,000. Akalandira zonse, mkazi ndi ana adzapeza 200,000 yokha pa tsiku la maliro. Amene safuna zotere amagula ya matenda aakulu yoima payokha, ndipo imakwera mtengo.

Funso: Mbale wathu anadwala mtima namwalira patapita masiku asanu. Kampani yakana. Kodi si kuba kumeneku?

Yankho: Nzowawa, koma kawirikawiri zimakhala zolembedwa. Pangano loima palokha limafuna kuti wodwala akhale moyo masiku angapo nthenda itapezeka, kawirikawiri 14, kwina mpaka 30, chifukwa cholinga chake nkuthandiza wamoyo. Womwalira masikuwo asanakwane amathandizidwa ndi inshuwaransi ya moyo kapena ya maliro, ngati anali nayo. Palinso kudikira kwa mtundu wina, kwa pachiyambi: mapangano ena salipira nthenda yopezeka m'miyezi itatu yoyamba chigulire, makamaka khansa.

Funso: Ndili ndi shuga ndiponso magazi anga amathamanga. Kodi ndinene polemba fomu?

Yankho: Nenani zonse zimene mwafunsidwa, ngakhale fodya amene mumasuta mobisa ndi matenda amene anatenga makolo anu. Apa inshuwaransi ziwirizi zisiyananso. Ku South Africa lamulo la masikimu a chipatala la 1998 sililola sikimu yotsekukira aliyense kukana munthu chifukwa chodwala. Ingathe kungomudikiritsa miyezi itatu, kapena miyezi 12 pa nthenda imene anabwera nayo. Koma kampani ya matenda aakulu ili ndi ufulu wokweza mtengo, wochotsa nthenda ina m'pangano, kapena wokukanani. Nchifukwa chake ena amakopeka kubisa. Tsoka lake nlakuti kampani imafufuza pa tsiku lopempha ndalama, osati pa tsiku logula lokha. Imaitanitsa mabuku anu a ku chipatala, ndipo ikapeza kuti munali kumwa mankhwala a magazi zaka ziwiri musanasaine, ingathe kudula ndalamazo kapena kufafaniza pangano lonse. Ine ndiona kuti nkwabwino kulipira mtengo wokwera pa pangano loona, kusiyana ndi kulipira wotsika zaka khumi pa pepala limene lidzakanidwa. Ndipo wogulitsa akakudzazirani fomu, muiwerenge musanasaine, pakuti dzina lili pansipo ndi lanu.

Funso: Ndalama zanga zikwanira imodzi yokha. Ndisankhe iti?

Yankho: Kwa banja la ana aang'ono limene limadalira zipatala zolipira, ya chipatala ndiyo iyambe, chifukwa matenda a tsiku ndi tsiku ndiwo amabwera chaka chilichonse. Koma amene ali ku Mangalande, kumene chithandizo cha boma nchaulere kwa okhala movomerezeka, bilu ya chipatala si ndiyo imuopsa. Chimene chimuopsa ndi lendi ndi ndalama zotumiza kumudzi malipiro akaima, ndipo kwa iye ya matenda aakulu ingakhale yoyamba. Musanasaine, pemphani pepala la matanthauzo, mupite nalo kwa dokotala kapena namwino amene mumamudziwa, ndipo mumufunse kuti mwa odwala khansa, mtima ndi sitiroko amene iye amawaona, ndi otani amene angakwanire mau olembedwawo.