Ping imaulula pomwe intaneti yatsamwira

Mawu akamadukaduka poyimba pa WhatsApp ku Bolero kapena pa boma la Rumphi, ambiri amaloza chala kampani ya mafoni, chonsecho vuto lingakhale m'nyumba momwemo.

Pa kompyuta ya Windows, lamulo ili limatumiza timauthenga 20 n'kudikira mayankho:

```
ping -n 20 8.8.8.8
```

Pamapeto pakalembedwa `Lost = 4 (20% loss)`, ndiye kuti timauthenga tinayi tatayika panjira, ndipo n'tokwanira kudula mawu. Nambala yotsatira `time=` imasonyeza kuchedwa kwa yankho: `60ms` ilibe vuto, koma ikamalumphira ku `900ms`, kawirikawiri njira yadzaza.

Kenako lamulo lomweli liyesedwe pa adiresi ya rauta, yomwe imalembedwa kunsi kwake. Mayankho akachedwanso kapena kutayika pamenepa, cholakwika chili pa waifai ya m'nyumba. Akafika msanga onse, vuto lili kunja, mwina netiweki yofooka kuseri kwa phiri.