Chaka Choluza Sichitayika: Momwe Lamulo la Msonkho Limawerengera Zaka Zoipa

Malonda ambiri a m'mawodi athu amayendera mvula. Dzinja likakhala labwino, zigayo zimalira mpaka usiku. Kukachita ng'amba, mwini chigayo amalipira antchito, lendi ndi magetsi koma ogayitsa osaoneka. Lamulo la msonkho la dziko la Malawi limazindikira kusinthasintha kotereku. Ndalama zomwe bizinesi yaluza m'chaka china zimaloledwa kusungidwa m'kaundula wa msonkho, kenako n'kuchotsedwa pa phindu la zaka zotsatira msonkho usanawerengedwe.

Chitsanzo cha kampani yaing'ono ya chigayo chingaunikire bwino nkhaniyi. Msonkho wa makampani wamba ndi K30 pa K100 iliyonse ya phindu. M'chaka choyamba kwachita chilala, ndipo ndalama zoyendetsera chigayo zaposa zolowa ndi K6 miliyoni. Popeza phindu palibe, msonkho wa pa phindu nawonso palibe, koma K6 miliyoni ija yalembedwa ngati ndalama zoluza.

M'chaka chachiwiri zinthu zayambanso kuyenda, ndipo kampani yapeza phindu la K4 miliyoni. Phindu lonseli likumezedwa ndi zoluza za chaka chatha, kotero kampani silipira kanthu, ndipo pa zoluza zija patsala K2 miliyoni. M'chaka chachitatu anthu akolola dzaoneni, phindu lafika K10 miliyoni. Pochotsapo K2 miliyoni yotsala ija, msonkho ukuwerengedwa pa K8 miliyoni, ndipo ukukwana K2.4 miliyoni.

Zaka zitatuzi zikaphatikizidwa, phindu lenileni la kampaniyi ndi K8 miliyoni, ndipo msonkho wa K2.4 miliyoni ukugwirizana ndendende ndi phindulo. Pakanapanda lamuloli, kampaniyi ikanalipira K1.2 miliyoni m'chaka chachiwiri ndi K3 miliyoni m'chaka chachitatu, zonse pamodzi K4.2 miliyoni. Pamenepo ikanalipira K1.8 miliyoni kuposa kampani ina yomwe yapeza K8 miliyoni yomweyo pang'onopang'ono, osaluzako chaka chilichonse. Lamuloli limachotsa kukondera kumeneku, komanso limasiyira bizinesi ndalama m'manja panthawi yomwe ikubweza ngongole zomwe inatenga m'chaka chovuta.

Komabe mwayiwu uli ndi malire ake. Boma silibweza msonkho womwe unalipidwa kale m'zaka zabwino; zoluza zimangopita kutsogolo, sizibwerera m'mbuyo. Ndiponso kwa mabizinesi wamba sizisungidwa kupitirira zaka zisanu ndi chimodzi. Ngati phindu silipezeka lokwanira m'nyengo imeneyo, zotsalazo zimafafanizika. Amalonda ang'onoang'ono omwe amalipira msonkho woikidwiratu molingana ndi kuchuluka kwa zogulitsa zawo sapindula ndi dongosololi, chifukwa msonkho wawo suyang'ana phindu.

Pomwe ambiri amapunthwa ndi pa tanthauzo la kuluza. Kusowa ndalama m'thumba si umboni woti bizinesi yaluza pamaso pa bungwe lotolera msonkho la MRA. Zomwe zimawerengedwa ndi ndalama zogwiritsidwa ntchito popangira phindu, monga malipiro a antchito, magetsi, lendi ndi kukonzetsa makina. Ndalama zomwe mwini bizinesi watapa kukalipira fizi ya ana kapena kukayendetsera ukwati wa mphwake siziwerengedwa. Ngakhale kugula injini yatsopano sikuwerengedwa ngati kugula mafuta kapena malamba a chigayo: mtengo wa makina uli ndi malamulo akeake a kachotsedwe. N'chifukwa chake chiwerengero cha m'buku la mwini chigayo chimatha kusiyana ndi chomwe a msonkho avomereza, ndipo chomwe chimapita ku chaka chotsatira ndi chovomerezedwacho.

Vuto lina ndi la kukhala chete m'chaka choluza. Amalonda ena amaganiza kuti popeza palibe cholipira, palibenso chifukwa choperekera fomu ya msonkho. Chonsecho fomu ya chaka chimenecho ndiyo imalowetsa zoluza m'kaundula. Kampani imayenera kuipereka pasanathe masiku 180 chithereni chaka chake cha zachuma, ndipo masiku ano izi zimachitika kudzera pa Msonkho Online. Mwini chigayo amene adzatulukire ndi nkhani ya chilala patapita zaka ziwiri, wopanda fomu, malisiti a magetsi kapena buku la malipiro, adzavutika kutsimikiza K6 miliyoni ija, ndipo angakumanenso ndi chindapusa chochedwera kupereka fomu.

Motero m'chaka chomwe malonda agwa, mabuku amafunika kulembedwa mosamala kuposa kale. Lisiti lililonse lisungidwe, ndalama za pakhomo zisasakanizidwe ndi za bizinesi, ndipo pa fomu ya chaka chilichonse paoneke zoluza zomwe zagwiritsidwa ntchito ndi zomwe zatsala.